Ndinapeza 57, koma ndinalakwa

Zotsatira zinatuluka ndili kunyumba ku Mtsiliza, pa holide. Ndinakhala pakhonde ndi foni ya batire lotsala pang'ono, bando yogula ndi chenji cha makala. Makosi asanu anali bwino. Pa kosi yachisanu ndi chimodzi, ya sitatisitikisi, panalembedwa 57, koma pambali pake panali chizindikiro choti ndalakwa ndipo ndikalembe sapu. Ndinatseka tsambalo n'kulitsegulanso katatu, poganiza kuti ndi netiweki.

Amayi anali kusankha nyemba pa lichero. Nditawauza, anafunsa kuti munthu amakhoza akapeza zingati. Ndinati 50.

"Ndiye iwe wapeza 57?"

"Eya, amayi."

"Nanga 7 yapamwambayo apita nayo kuti? Ife kumsika munthu akapereka zopitirira timamubwezera chenji, sitimulanda katundu."

Sindinaseke tsiku limenelo, koma funso lawo ndi lomwe ndinali nalo inenso.

Nkhani yake inali motere. Ku yunivesite komwe ndinaphunzira, malikisi a kosi imeneyi ankagawidwa pawiri. Ntchito ya mkati mwa semesita, yomwe tinkaitcha kosiweki, inali ndi malikisi 40. Mayeso omaliza anali ndi 60. Kuti ukhoze unkafunika 50 pa 100, izi aliyense ankadziwa. Chomwe ambiri sitinawerenge chinali chiganizo chimodzi papepala lofotokoza kosi, lomwe alekichala anatipatsa sabata yoyamba: wophunzira ayenera kukhoza kosiweki payokha ndi mayeso paokha. Kutanthauza kuti osachepera 20 pa 40 kuno, ndi osachepera 30 pa 60 uko. Mbali imodzi ikaperewera, inayo siyingaibwereke malikisi.

Ine pa kosiweki ndinali ndi 30 pa 40. Sabata yokonzekera mayeso ndinachita masamu anga: 50 kuchotsa 30, kwatsala 20. Ndinadziuza kuti 20 pa 60 ngakhale ndili mtulo ndipeza. Ndinaika kope la sitatisitikisi pansi pa matiresi n'kulimbana ndi makosi ena omwe ankandiopsa. M'mayeso ndinapeza 27 pa 60. Kuphatikiza, 57. Koma 27 siinafike pa 30. Malikisi atatu okha.

Chinandiwawa kwambiri ndi cha mnzanga wa m'chipinda chimodzi. Iye anapeza 21 pa kosiweki ndi 31 pa mayeso, zonse pamodzi 52. Anakhoza. Wa 52 wadutsa, wa 57 wagwa. Kwa masiku angapo ndinkayendayenda m'njira zafumbi zakwathu, kutsetserekera cha ku Mtandire n'kubwerera, ndikukonza m'mutu kalata yodandaula. Ndinkati ichi n'chinyengo cha masana.

Kalatayo sindinalembe, chifukwa nditafuna kusonkhanitsa umboni ndinayamba kuiphwanya 30 yanga ija kuti ndione mkati mwake. Ntchito ya pagulu inali ya malikisi 15, ndinapeza 14. Kunena zoona, pagulu lathu la anthu asanu ndi mmodzi, mtsikana mmodzi ndi amene anachita masamu onse. Ine ndinataipa mawu oyamba ndi kulipira zopulinta. Asayimenti yochita wekha inali ya 10, ndinapeza 9, koma yankho linali litazungulira kale pagulu la pa foni usiku woti mawa tipereka, ine n'kungosintha mawu. Kenako panali mayeso a pakati pa semesita, a malikisi 15, olemba m'kalasi woyang'anira ali chilili. Pamenepo ndinapeza 7.

Taonani bwino. 7 pa 15 ndi pafupifupi 47 peresenti. 27 pa 60 ndi 45 peresenti. Nthawi ziwiri zomwe ndinakhala ndekha ndi cholembera, zotsatira zinali zofanana. Mayeso omaliza sanandilakwire, anangobwereza zomwe mayeso a pakati aja anali atanena kale miyezi iwiri m'mbuyomo. Malikisi 23 enawo anali a anthu ena, ongolembedwa dzina langa.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene lamuloli limafuna. Kuphatikiza malikisi kumabisa komwe achokera. Kosiweki imayesa ngati umatha kugwira ntchito kwa masabata, kufufuza, kusunga nthawi, koma alekichala sangatsimikize kuti manja ndi ako. Mayeso amatsimikiza kuti ndiwe, koma amangoona maola atatu, ndipo munthu woloweza usiku umodzi akhoza kudutsa. Akamati ukhoze zonse ziwiri, akutseka zitseko ziwiri: cha wokopera ngati ine, ndi cha wojomba semesita yonse n'kudzatulukira tsiku la mayeso.

Ndipotu maganizo amenewa si achilendo kwathu kuno. Pa mayeso a MSCE, a MANEB sapereka satifiketi kwa munthu amene walakwa Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi atamwetsa bwanji. Achimwene anga anabwereza fomu 4 pa chifukwa chimenechi. Tonse tinakula tikudziwa kuti pali chipata china chomwe malikisi a kwina sangakutsegulire. Kungoti ku yunivesite ndinaiwala kufunsa kuti chipatacho chili pati.

Komabe sindinganene kuti lamuloli ndi lachilungamo kwa aliyense. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina amene bambo ake anamwalira sabata ya mayeso a pakati. Anapita kumudzi kukaika maliro osalemba kalata ku dipatimenti, ndipo atabwera nthawi yopempha mayeso apadera inali itadutsa. Pa 15 paja analembedwa 0, kosiweki yake n'kuthera pa 18. M'mayeso omaliza anapeza 45 pa 60, kuposa pafupifupi tonse. Zonse pamodzi 63. Koma sapu kwathu inali yolembanso mayeso okha, ndiye iye inalibe chomuthandiza, popeza mayesowo anali atakhoza kale. Anabwereza kosi yonse chaka chotsatira. Kulakwa kosiweki kunali kowawa kuposa kulakwa mayeso, ndipo amene ankagwa mbali imeneyo kawirikawiri sanali aulesi. Anali a maliro, odwala, ndi omwe fizi inachedwa n'kuyamba semesita ili pakati.

Ine sapu ndinakalemba. Amayi anatapa m'ndalama za mpamba wa tomato kuti ndipeze thiransipoti ndi chakudya cha sabata imodzi, osanena zambiri, anangoti, "Ukabwere nayo 50 yakoyako." Kwa masabata atatu ndinakhala pa tebulo la pabalaza kuchita masamu omwe mtsikana uja anandichitira, magetsi akazima n'kuyatsa tochi ya pafoni. Ndinakhoza bwino ndithu, koma lamulo la sapu linali loti ngakhale upeze zingati, amalemba 50 basi. Mpaka lero pa thiransikiripiti yanga pali 50, pomwe poyamba panali 57 yolakwa.

Mwezi wathawu mwana wa aneba, amene wangoyamba kumene koleji, anabwera kudzandionetsa malikisi ake. Kosiweki 32 pa 40, nkhope ili ngwee. Anati, "Achimwene, apa ndiye mayeso ndingofuna 18."

Ndinamuuza kuti atulutse pepala lofotokoza kosi, afufuze ngati pali mawu oti mbali iliyonse ikhozedwe payokha, chifukwa malamulo amasiyana sukulu ndi sukulu, nthawi zina kosi ndi kosi. Kenako ndinamufunsa kuti pa 32 yakeyo, ndi malikisi angati omwe anapeza atakhala yekha m'kalasi, foni ili m'chikwama. Anawerenga ndi zala, n'kukhala chete kaye.

"Asanu ndi atatu," anatero. "Pa 20."

Ndinamukokera mpando.