Tsamba limodzi pa pepala lotuwa

Mwezi wathawu anandipeza bwana wina wa bungwe lothandiza alimi, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. Akuti anyamata ena a m'tauni amulonjeza pulogalamu yozindikira matenda a mbewu pongojambula tsamba, yolondola 99 peresenti, pa mtengo wosafika ndi theka la wanga. Ndinamufunsa kuti 99 peresentiyo anaiyesera pa masamba a m'munda mwa yani. Anangoti, "Zili mu pepala la kafukufuku, achimwene." Pepalalo ndikulidziwa. Ndi lomwe ndinayambira kuwerenga pa ntchito yangayi, ndipo anyamatawo, ndikulumbira, sanafike nalo pa tsamba lachiwiri.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa makompyuta kuzindikira zithunzi, ndipo ndimaigwira ndili konkuno ku Mdeka, m'mphepete mwa msewu wa M1. Koma theka la ntchitoyi ndi kuwerenga, chifukwa modelo iliyonse imene munthu akufuna kugula kapena kukopera ili ndi pepala kumbuyo kwake. Pepala ndikunenali analemba Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé, mutu wake Using Deep Learning for Image-Based Plant Disease Detection, ndipo linatuluka mu 2016 m'magazini ya Frontiers in Plant Science.

Anandipatsa ndi aphunzitsi anga a ku koleji, mayi wosalankhula zambiri, amene ankayenda ndi cholembera chofiira m'thumba la juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo ankakana kuti tiwerengere pa foni. Ndinakasindikiza pepalalo ku Lunzu ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo ndinaliwerenga usiku wonse kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, monga tinkawerengera mabuku a ku sekondale. M'mawa ndinapita kwa iwo mutu uli ndi mawu ambiri achilendo. Sanandifunse liwu ndi limodzi lomwe. Anati, "Bambo, mwawerenga, zikomo. Tandiuzani, masambawo anawajambulira pati?" Ndinakhala chete. Anandibwezera pepalalo n'kundipatsa cholembera chawo chija, n'kunena kuti ndibwere Lachisanu nditalemba funso limodzi m'mbali mwa gawo lililonse. Cholemberacho sanandifunsenso. Mayi ameneyu ankatha kukhala nawe ola lathunthu pa tebulo limodzi la manambala, chala chili pa mzere umodzi, osakuuza yankho, kudikira kuti uone wekha. Ena a m'kalasi mwathu ankawaopa, koma ine zonse zimene ndimadyera lero ndinazitenga pa desiki lawo.

Gawo loyamba, Abstract, ndi chidule, ndipo ndimalitenga ngati mawu a wogulitsa mbuzi pa msika wa Lirangwe: sanama, koma amayamba ndi zabwino. M'menemo mumangotola manambala. Zithunzi 54,306, mbewu za mitundu 14, matenda 26, kulondola 99.35 peresenti. Ndimalemba manambalawo pambali ngati ngongole zoti pepala lindibweze m'magawo otsatira. Gawo la Introduction sindichedwapo. Limafotokoza chifukwa chimene achitira kafukufukuyo, za njala ndi kuchuluka kwa mafoni, ndipo woyamba kumene amataya nthawi yambiri pamenepa chifukwa ndi pomwe Chingerezi chili chofewa.

Pomwe ndimakhazikika ndi pa Methods, makamaka ndime yofotokoza nkhokwe ya zithunzi. Nkhokweyi ndi ya PlantVillage, ndipo zithunzizo anazigawa m'magulu 38: magulu 26 a masamba odwala ndi 12 a masamba abwinobwino. Chinthu choyamba ndi kuwerenga mndandanda wa mbewu ndi maso a mlimi. Muli maapozi, mphesa, mapichesi, malalanje, sitiroberi, soya, mbatatesi, tomato, chimanga ndi zina. Nandolo, amene kuno timadzala m'munda uliwonse, mulibe. Chinangwa mulibe, mtedza mulibe, thonje mulibe. Chimanga chili ndi magulu anayi okha, atatu a matenda ndi limodzi la tsamba labwino, ndipo ntchemberezandonda, zomwe zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, mulibe. Modelo yotere sidziwa kunena kuti "ichi sindichidziwa". Mukaipatsa tsamba la nandolo imasankhabe gulu limodzi mwa 38 aja, mwina n'kukuuzani kuti ndi soya, ndipo imatero mosakayika.

Kenaka funso la aphunzitsi anga lija. Yankho lili pa chithunzi choyamba cha pepalalo, chimene ine usiku uja ndinangochidumpha ngati chokongoletsa. Tsamba lililonse analithothola, n'kuligoneka lokha chagada pamalo osalala a mtundu umodzi, n'kulijambula. Palibe dothi, palibe udzu, palibe mthunzi wa tsamba lina, palibe chala cha mlimi. Yerekezani ndi chithunzi chimene angajambule mlangizi m'dimba la tomato kuno mu Okutobala: dzuwa lothobwa m'maso, fumbi pa masamba, masamba khumi opiringizana, galasi la foni lokandika. Kwa munthu ndi tomato yemweyo. Kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa iyo imangoona manambala a timadontho 256 m'litali ndi 256 m'lifupi, ndipo imagwira chilichonse chimene chikuithandiza kukhoza, kaya ndi banga la matenda, kaya ndi kuwala kwa tsiku limene anajambula.

Izi si zongoganiza. Mu 2022 Mehmet Alican Noyan anatenga timadontho 8 tokha pa chithunzi chilichonse cha nkhokwe yomweyi, ta m'mphepete, kumene kulibe tsamba, n'kuphunzitsa modelo ndi timeneto. Inakhoza 49 peresenti. Kulota chabe pakati pa magulu 38 kumapereka pafupifupi 2.6 peresenti. Ndiye kuti malo ogonekapo tsamba aja ankaulula yankho, monga mwana wodziwa kuti mphunzitsi wake amakonda kuika yankho pa C.

M'gawo lomweli mumayang'ananso mmene anagawira zithunzi zophunzitsira ndi zamayeso. Apa olembawa ndimawavulira chipewa. Tsamba limodzi ankalijambula kangapo molitembenuza, ndipo chithunzi china chikapita kophunzitsira, chinzake ku mayeso, ndiye kuti modelo ikulemba mayeso omwe inawaona kale. Iwo akunena poyera kuti pa zithunzi 41,112 ankadziwa kuti ndi za tsamba liti, ndipo anaonetsetsa kuti za tsamba limodzi zikhale mbali imodzi. Mukachotsera, zotsala ndi 13,194, pafupifupi chimodzi mwa zinayi zilizonse, zimene sakanatha kutsimikiza. Nambala imeneyo muitulutse nokha ndi cholembera. Pepala limene silinena n'komwe za nkhaniyi ndimalitseka pomwepo.

Za mamangidwe a modelo, AlexNet ndi GoogLeNet, ulendo woyamba musavutike nazo. Ingodziwani kuti anayesa ziwirizo, ina yoyambira pa chabe, ina yophunzira kale pa zithunzi zina za ImageNet, pa zithunzi zamitundu itatu ndi magawidwe asanu. Mukachulukitsa 2, 2, 3 ndi 5 mupeza 60.

Ndiye pa Results funso ndi lakuti, 99.35 uja ndi wa uti mwa 60? Ndi wa wopambana onse: GoogLeNet yophunzira kale, zithunzi zamtundu, 80 peresenti zophunzitsira ndi 20 zamayeso. Wotsikitsitsa anapeza 85.53. Ine ndimakonda kusandutsa peresenti kukhala zinthu zowerengeka. Gawo la 20 peresenti ndi zithunzi pafupifupi 10,860, ndipo kulakwa 0.65 peresenti ndi zithunzi ngati 70. Ndi ntchito yabwino ndithu. Muonanso kuti tebulo lawo likulemba F1, osati kulondola kokha, ndipo chifukwa chake n'choti magulu si ofanana kukula: gulu lina la malalanje lili ndi zithunzi 5,507 pamene mbatatesi yabwino ili ndi 152. Mutakhala ndi masamba 100, odwala asanu okha, modelo yongonena kuti "labwino" nthawi zonse ikhoza 95 peresenti isanagwire wodwala ndi mmodzi yemwe. F1 ya gulu lodwalalo ingakhale 0, ndipo bodza lingaonekere pamenepo.

Chimene chinandimasula maso chili kumapeto kwa Results ndi ku Discussion, kumene ambiri safika. Olembawo anatenga modelo yawo yopambana ija n'kuiyesa pa zithunzi zina zochokera pa intaneti, zojambulidwa m'malo osiyana, magulu awiri a zithunzi 121 ndi 119. Inakhoza 31.40 ndi 31.69 peresenti. Pa masamba atatu, awiri inkalakwa. Sanabise, ndipo analemba okha kuti pakufunika zithunzi zamitundumitundu. Kope loyamba limene anaika pa arXiv linaika nambala ya 31.4 mu chidule momwe, koma chidule cha kope la m'magazini chili ndi 99.35 yokha. N'chifukwa chake ndimafunsa munthu kuti wawerenga kope liti, ndipo wafika nalo pati.

Lachisanu lija ndinapita kwa aphunzitsi anga nditazunguliza 31.40 ndi cholembera chofiira. Anayang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi. Anati, "Tsopano pitani kwanu ku Mdeka mukajambule." Ndinajambula tomato m'dimba la malume, ndinayesa pa modelo imene ndinaphunzitsa ndi nkhokwe yomweyo, ndipo masamba ena amene malume ankaona ndi maso kuti ali bwino inkati akudwala. Nditathothola tsamba lomwelo n'kuligoneka pa chikuto cha kope, yankho linasintha. Kufikira lero ndi mayeso oyamba amene ndimachita pa modelo iliyonse.

Makasitomala safuna kumva zimenezi. Ndikawauza kuti mtengo wanga ukuphatikiza masabata ojambula m'minda ya Chileka ndi Lirangwe, malipiro a mlangizi wodziwa matenda woti alembe dzina pa chithunzi chilichonse, ndi kusunga zithunzi za mudzi wathunthu kuti zikhale zamayeso okha, amati ndikukweza dala. Amaiwalanso mayunitsi a intaneti ndi maola amene magetsi akazima makina amaima. Chonsecho ofufuza a gulu lomwelo la PlantVillage, pofuna kuthandiza alimi a chinangwa, anachita zomwezo: Amanda Ramcharan ndi anzake anakajambula m'munda ku Tanzania zithunzi 2,756, n'kulemba pepala lawo mu 2017.

Bwana uja ndinamusindikizira masamba awiri, la chidule ndi la Discussion, n'kuzunguliza manambala awiri aja. Ndinamupempha kuti anyamatawo abwere ndi pulogalamu yawo ku Mdeka tsiku la msika, tikalowe m'dimba limodzi ndi mlangizi, tijambule masamba makumi asanu ali pa mtengo pomwepo, tiwerenge pamodzi. Wati awaimbira foni sabata ino.