Bandulo Yanga Inathera Kuti?

Lachitatu usiku, cha m'ma 10 koloko, ndinali nditamaliza ntchito imene aphunzitsi anatilamula kuti titumize pa intaneti pasanafike pakati pa usiku. Nditadina kuti ipite, foni inangozungulirazungulira. Kenako panabwera uthenga woti bandulo yanga yatha. Inali ya 1 GB, yoti ndigwiritse ntchito masiku asanu ndi awiri, ndipo ndinaigula Lolemba m'mawa ndi ndalama imene amayi ananditumizira atagulitsa ndowa ya mtedza. Kuwaimbiranso kunandichititsa manyazi, choncho ndinakagogoda kuchipinda cha mnzanga n'kubwereka foni yake.

M'mawa mwake ndinali ndi mlandu wokonzakonza: kampani ya lamya ikundibera. Mnzangayo sananditsutse. Anangoti, "Aise, foni imalembatu zonse. Tiye tione kaundula."

Kaundulayo ali mu Settings, pamene palembedwa Data usage, ngakhale kuti njira yofikirapo imasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni. Tinasankha masiku atatu aja. Facebook inali itadya 420 MB, WhatsApp 250, YouTube 190, Play Store 90, ndipo msakatuli amene ndimafufuzira za maphunziro, chifukwa chenicheni chimene ndinapemphera ndalamayo, anali ndi 50 yokha. Kuwonkhetsa zonse, bandulo inakwana ndendende. Wakuba sanapezeke.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti ukadina dzina la pulogalamu iliyonse, foni imagawa nambala ija pawiri. Pali Foreground, deta imene yapita iwe ukuyang'ana pulogalamuyo, ndi Background, imene yapita foni ili m'thumba. Play Store inadya pafupifupi yake yonse mwakachetechete, ikukonzanso mapulogalamu ine ndili m'kalasi. Koma Facebook inali ndi 30 MB yokha yamseri. Yotsalayo, 390 MB, inapita ine ndikuona ndi maso angawa.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyananso. Data Saver, imene inabwera ndi Android 7.0 mu 2016, ntchito yake yaikulu ndi kutsekera mapulogalamu kuti asamagwiritse ntchito deta ya bandulo mwamseri. Ukaiyatsa, mapulogalamu amene sunawatsegule amadikira mpaka uwatsegule kapena upeze Wi-Fi. Ndinaganizira za Masabata onse amene foni ndimaisiya m'chikwama kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa: ine ndikupuma, iyo ikugwirabe ntchito ndi ndalama za amayi. Foni sisunga Sabata pokhapokha uiuze.

Komabe Data Saver ikanandipulumutsira mwina 150 MB basi. Mavidiyo amene amayamba okha ukamatsetsereka ndi chala pa Facebook sikuti imawagwira onse, poti pulogalamuyo imakhala yotsegula m'manja mwako. Ndinkadziuza kuti sindionera mavidiyo, ndimangodutsa. Koma vidiyo ikangoonekera imayamba kusewera, ndipo foni imakokeratu gawo la kutsogolo kuti isamadukeduke. Ukaidumpha patapita masekondi atatu, umakhala walipira kale zambiri zimene sunaone. Tinawerengera mongoyerekeza: vidiyo yokoka megabiti imodzi pa sekondi imadya 7.5 MB pa mphindi. Ukagawa 390 ndi 7.5 umapeza mphindi 52, kutanthauza mphindi ngati 17 pa tsiku. Ndi nthawi yoima pamzere wa nsima masana ndi madzulo, osati china chilichonse chodabwitsa.

Chotsekera chake chili mkati mwa Facebook momwemo, mu Settings, pa Media, pamene pali Autoplay. Ndinasankha Never Autoplay Videos. Kuyambira pamenepo vidiyo imangoima ngati chithunzi mpaka nditaidina. Ndinadabwa kuona kuti zambiri mwa izo sindinkazifuna n'komwe. Ya kwaya ya kwathu ndimaidina. Ya munthu wosamudziwa akudula keke ndimaipitirira osataya kanthu.

Za WhatsApp mlandu unali wanga ndithu. Mu Storage and data, pa When using mobile data, ndinali nditachonga Videos kalekale n'kuiwala. Tsono ndili m'gulu la kalasi, la achinyamata a kumpingo kwathu, la kwaya ndi la pabanja, ndipo nyimbo imodzi ikakoma imatumizidwa m'magulu onsewa, pamodzi ndi maulaliki ndi zithunzi za maluwa zofunirana Sabata labwino. Sindikudandaula za abale otumizawo, ena mwa iwo ndi akulu a mpingo amene ndimawalemekeza. Ndinangochotsa zochonga zonse kuti ndizisankha ndekha choti nditsitse. Vidiyo iliyonse imaonetsa kukula kwake usanaidine, ndiye ukaona 14 MB umayamba wadzifunsa.

YouTube inandiphunzitsa za manambala aja okhala ndi p kumapeto. Ndinaonera phunziro limodzi la mphindi 15 basi, koma foni inadzisankhira 720p poti netiweki inali bwino usiku umenewo. Pa 720p vidiyo ingathe kudya mpaka 19 MB pa mphindi, pamene pa 360p imadya ngati 5 MB. Phunziro lomwelo likanatenga 80 MB kapena kucheperapo m'malo mwa 190. Ulaliki kapena zokambirana za phunziro la Sukulu ya Sabata, zimene chachikulu ndi mawu, zimamveka bwinobwino ngakhale pa 240p. Povuta ndi pamene mphunzitsi akulemba masamu pa bolodi, zilembo zimachita chimbuuzi. Pamenepo ndimakweza kwa mphindi zochepazo, kenako n'kutsitsanso. Ndinazimitsanso Playback in feeds, imene imaseweretsa mavidiyo mopanda mawu ukungoyang'ana mndandanda.

Zinthu ziwiri zinandivuta pambuyo pake. Choyamba, uthenga wosintha chipinda cholembera mayeso unandipeza mochedwa, unangolowa nditatsegula WhatsApp. Mu Data Saver muli mndandanda wa mapulogalamu amene ungawamasule, pa mafoni ambiri umatchedwa Unrestricted data. Ndinamasula WhatsApp ndi imelo ya sukulu zokha. Popeza mavidiyo ndinali nditawatsekera kale, mauthenga a zilembo sadya kanthu kodandaulitsa.

Chachiwiri chinapweteka mnzanga uja. Tsiku lina ndinalumikiza foni yanga ku Hotspot yake kwa kanthawi, ndipo bandulo yake inatsika koopsa. Foni yanga inaona Wi-Fi n'kuganiza kuti yafika pa zaulere, ndiye zonse zimene zinkadikira zinayamba kutsika nthawi imodzi. Mafoni ena amazindikira okha kuti imeneyi ndi bandulo ya munthu, yanga sinazindikire. Pa dzina la Wi-Fi imeneyo pali posankha Treat as metered, ndipo ukatero foni imaitenga ngati deta yogula. Ndinamubwezera ndi mayunitsi, ndipo mpaka lero amandinena nazo.

Bandulo yotsatira inafika tsiku lachisanu ndi chiwiri itatsala ndi 200 MB, ndipo tsiku lake litakwana yotsalayo inapita osagwira ntchito. Zinandiwawa mwa mtundu wina. Ndiye tsopano ndimasuzumira mu kaundula uja Lachisanu lililonse Sabata lisanalowe, ndipo sabata imene kulibe ntchito zambiri za m'kalasi ndimagula yocheperapo. Tsiku lomaliza, ngati yatsala, ndimatsitsiratu mabuku ndi nyimbo za kwaya.

Amayi ataona kuti papita nthawi ndisanapemphe ya mayunitsi, anandiimbira okha. "Kodi foni ija inatayika?" Ndinawauza kuti ilipo, ndipo ndikabwera pa holide ndidzaona yawo, chifukwa nawonso ali m'gulu la Dorika limene limatumizirana mavidiyo usana ndi usiku.