Kuika Uthenga wa Mwayi wa Ntchito m'Magawo Atatu

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, ndipo uthenga uliwonse wofuna wantchito watsopano umadutsa m'manja mwanga usanapite ku nyuzipepala. Akuluakulu a nthambi amaubweretsa uli ndime imodzi yaitali, zonse zili pamodzi monga zinabwerera m'mutu mwawo. Ine ndimaugawa patatu: ntchito zake, zomuyenereza, ndi zimene adzalandire.

Ndimayamba ndi kudula ndimeyo kuti ganizo lililonse likhale pamzere wakewake. Kenaka mzere uliwonse ndimaufunsa: kodi ichi munthu azichita akayamba ntchito, akhale nacho kale asanalembedwe, kapena ndi ife amene tidzampatsa? Yankho lake ndilo limandiuza gawo loyenera.

Nawu uthenga wina umene ndinalandira: "Tikufuna woyang'anira nyumba yosungira katundu, akhale ndi MSCE, azilandira katundu ndi kulemba m'kaundula, aziyendera madepo panjinga yamoto, wodziwa Excel ndi bwino, akhale mnyamata wosakwatira, nyumba ilipo, malipiro abwino."

Mizere ina ndi yosavuta. MSCE ndi chomuyenereza, kulandira katundu ndi kulemba m'kaundula ndi ntchito. Mizere ya ntchito ndimailemba mofanana, uliwonse kuyamba ndi chochita: kulandira, kulemba, kuyendera. Ntchito imene idzamudyere nthawi yambiri ndiyo imakhala pamwamba.

Luso lenileni lili pa mizere yonyamula zinthu ziwiri. Kuyendera madepo panjinga yamoto ndi ntchito, koma mkati mwake mwabisala chomuyenereza, chimene ndi laisensi yoyendetsera njingayo. Ndikangousiya pagawo la ntchito, adzafunsira anthu osadziwa kuyendetsa, ndipo tidzazindikira tsiku la mafunso, iwo atawononga kale ndalama zoyendera. Choncho mzerewo ndimaung'amba: kuyendera madepo kumapita ku ntchito, laisensi ku zomuyenereza. Koma sindionjezera ndekha. Ndimayamba ndafunsa kuti, "Bwana, laisensiyi akhale nayo kale, kapena bungwe lidzamthandiza kuipeza?" Akati bungwe lidzamthandiza, laisensiyo yasamukira ku zimene adzalandire.

Mawu akuti "wodziwa Excel ndi bwino" akusonyeza kuti lusoli si lokakamiza. Ndiye chifukwa chake gawo la zomuyenereza ndimaligawanso pawiri: zosasinthika, ndi zongoonjezera mwayi. Zikasakanikirana, anthu amene akanaitha ntchitoyo amadzichotsa okha poganiza kuti sakukwanira, makamaka amene amawerenga mosamala.

Mzere wa "mnyamata wosakwatira" ulibe gawo. Lamulo la ntchito la m'Malawi la 2000 limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi, kapena choti ali pabanja kapena ayi. Ndikafunsa chimene bwana akuopa, nthawi zambiri ndimapeza kuti ndi choti katundu amafika usiku ndiponso Loweruka. Ndimalemba chomwecho pagawo la ntchito, kuti wofunsira aliyense adziyeze yekha.

"Nyumba ilipo" ndi mzere wonyenga. Umamveka ngati mphatso, koma mwina tanthauzo lake ndi loti munthuyo ayenera kugona pamalopo, kapena lendi idzadulidwa kumalipiro. Ngati kugonapo ndi kokakamiza, ndimalemba poyera kuti ndi lamulo la ntchitoyo. Ngati ndi yaulere, ndimalemba kuti ndi yaulere. Mikangano yambiri ya mwezi woyamba imabadwira pa mizere yotere.

"Malipiro abwino" sauza munthu kanthu. Ndimapempha ndalama yeniyeni, kapena poyambira ndi polekezera, komanso ngati ndalamayo ndi ya msonkho usanachotsedwe. Pagawo lomweli ndimasiyanitsa zimene lamulo limalamula ndi zimene bungwe likuonjezera. Tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena 15 kwa wogwira masiku asanu, ndi ufulu wa wantchito. Chimodzimodzi penshoni, imene wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Izi ndimazilemba monga zilili, osazikometsera. Nyumba, alawansi ya mafuta kapena thandizo la kuchipatala ndizo zoonjezera zenizeni.

Ndikatsiriza ndimaika ndime yoyamba ija pambali pa magawo atatuwo ndi kuchonga ganizo lililonse, kuti pasakhale lotayika kapena lolowa popanda mwini wake kudziwa. Ndimaonanso ngati chomuyenereza chilichonse chili ndi ntchito imene chikuthandiza. Ngati tikufuna dipuloma koma palibe ntchito pamndandanda yofuna dipuloma, ndimabwerera kwa bwana kuti tiichotse kapena titchule ntchito imene yaiwalika. Bwana akawerenga ndi kusaina, m'pamene ndimaonjezera tsiku lomaliza kulandira makalata ndi kumene atumizidwe, uthengawo n'kupita kukasindikizidwa.