Fodya wa agogo ankachita nsanje

Anzanga, sabata ino ndikutengereni kwathu kwa Kapelula, ku Kasungu, kudambo komwe agogo anga aamuna ankafesa nazale ya fodya chaka ndi chaka. Anali ndi lamulo limodzi losakambirana: wosuta asayandikire mabedi. Ankati fodya ndi wansanje, akamva fungo la mnzake wopsa amakwiya, masamba nkuchita mawangamawanga. Tinkaseka chamumtima. Koma mbande zawo zinkakhala zobiriwira bwino, pomwe za ena oyandikana nawo zinkadwala.

Ndiye ndikufunseni: zomwe ankakhulupirira agogozi zinali zoona?

William James wa ku Amereka, m'buku lake la 1907 lotchedwa Pragmatism, anaphunzitsa kuti ganizo limakhala loona ngati likugwira ntchito, ngati likutifikitsa komwe tikupita osatigwetsa. Tikatengera pamenepo, agogo apambana. Koma Bertrand Russell wa ku Mangalande anakana, nati phindu la chikhulupiriro ndi nkhani ina, kuona kwake ndi nkhani inanso. Bodza nalo limatha kudyetsa banja.

Fodya alibe nsanje, inu. Chomwe chilipo ndi kachilombo koyambitsa matenda a mozeiki, kosaoneka ndi maso, komwe kamakhalabe kamphamvu ngakhale mu fodya wouma. Munthu akapichira chingambwe, kamatsalira kuzala, ndipo akagwira mbande kamalowera pomwe tsamba lasupuka. Lamulo la agogo linkatchinga manja amenewo, ngakhale iwo ankaloza utsi.

James sanali wogona ayi. Ankati ganizo liyenera kugwira ntchito kwa nthawi yaitali komanso paliponse, osati lero lokha. Ndipo apa nkhani yathu ikumuikira umboni. Agogo atamwalira, malume anasunga lamulo lija ndendende, koma chaka china nazale inadwala ndithu. Mnyamata waganyu sankasuta, fungo analibe. Kungoti m'mawa uliwonse ankayamba wawapichirira bambo ake chingambwe, kenako nkubwera kudzazulira udzu m'mabedi. Chikhulupiriro cha nsanje chinalibe chonena za mnyamatayo. Mlangizi atafika anangoti aliyense azisamba m'manja ndi sopo asanagwire mbande, osuta ndi osasuta omwe.

Mwina mukuti basi, James wawina, bodza lagwidwa pamapeto. Ine pamenepa mpomwe mtima sukhazikika. Agogo anapita kumanda lamulo lawo lisanawakhumudwitsepo ngakhale kamodzi. Kodi tinene kuti linali loona moyo wawo wonse, nkudzasanduka labodza m'manja mwa malume? Ayi. Kachilomboko kanali kuzala za anthu kalekale, agogo akadali mnyamata, wina aliyense asanapindule nako kapena kuluza. Sopo uja sakhala woona chifukwa wathandiza. Amathandiza chifukwa kuzalako kulidi chinthu choti chichoke.

Malume mpaka lero amaika sopo ndi ndowa pakhomo la nazale. Koma wosuta samulolabe kuyandikira, ngakhale atasamba kawiri.