Nthabwala za besitimani pamaso pa apongozi

Adzukulu anga, pamwambo wathu munthu sasereula aliyense. Msuweni umamusereula, mlamu umamuseka, agogo umawatcha mkazi wako, koma apongozi umawapatukira njira. Vuto la besitimani, mnzake wa mkwati amene masiku ano amapatsidwa mpata wolankhula paphwando la ukwati, ndi lakuti anthu onsewa akhala m'chipinda chimodzi, ndipo nthabwala imodzi ikalowa m'makutu a onse.

Kuno kunyanja nkhaniyi ndi yolemera. Ambiri timatsata chikamwini, choncho mkwatiyo akakhala pakati pa anthu omwe akumvetserawo. Mukamuvula lero, amene akayende ndi manyaziwo kumudzi kwa eni ndi iyeyo. Mwambi uja wakuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ngokoma pabwalo la milandu, koma paukwati akuchikazi amaumva ngati chenjezo lakuti mwana wawo adzasiyidwa. Za zibwenzi zakale, ngongole, mowa ndi kubereka, zisiyeni. Malangizo a m'nyumba eni ake ndi ankhoswe.

Nanga anthu aseke chiyani? Aseke inuyo wolankhula, ndipo kusekako kumukweze mkwati. Tiyerekeze kuti mkwati ndi siginala wa ku Senga Bay, uja amakhala m'bwato ndi nyali usiku kuitana usipa kuti anzake aponye chilimira. Mnzake angayambe ndi ulemu kwa mafumu, ankhoswe ndi makolo a mbali zonse ziwiri, kenaka nkunena kuti:

"Ine ndi achimwenewa takhala tikuyatsa nyali limodzi zaka zisanu. Iwo akayatsa, kumabwera usipa. Ine ndikayatsa, kumabwera udzudzu. Lero taonani chimene nyali yawo yaitana! Ankhoswe, mukamaliza ntchito pano musapite msanga, nyali yanga ikadali yoyaka."

Wasekedwa apa ndi besitimani yekha. Mkwati watuluka ali katswiri pantchito yake, ndipo akuchikazi amva kuti mwana wawo sadzagona ndi njala. Onaninso kuti sadatchule mkwatibwi kuti nsomba, ngakhale lilime limafuna kupita komweko. Mwana wa eni sakodwa mu ukonde ayi. Pempho la kwa ankhoswe lija likuwapatsa akuluakulu mpata woseka popanda kutaya ulemu wawo.

Pofika pokweza matambula, kumbukirani kuti kuno Asilamu ndi Akhristu amakwatirana ndiponso amadyera limodzi. Nenani kuti aliyense akweze chimene chili m'manja mwake, kaya ndi thobwa kaya Fanta, osafunsa za mkatimo.

Mphindi zitatu zakwana, pakuti anthu akudikira perekaniperekani. Polankhula musamayang'ane anyamata akumbuyo, iwo amaseka chilichonse. Yang'anani amayi a mkwatibwi. Akaphimba pakamwa ndi chitenje mapewa akugwedezeka, pitirizani. Akayamba kuyang'ana pansi ndi kukonza duku lomwe lili bwinobwino, thokozani makolo mukhale pansi.