MWANA AKAMATI “NDADYA KALE” TSIKU NDI TSIKU

Lero ndilemba motalikirapo, mundipirire, makamaka inu makolo amene muli ndi ana a zaka 12 mpaka 18 m'nyumba. Januwale wayandikira, ndipo ambiri tilowa m'masiku 21 a kusala kudya. Tisanafike kumeneko pali nkhani imene ndikufuna muimve. Banja limene ndikambe landilola kulemba, koma dzina sinditchula, ngakhalenso tauni imene tikukhala kuno ku Mangalande.

Mwana wawo wamkazi anali ndi zaka 14, woimba kwaya, wanzeru kusukulu. Mpingo unamaliza kusala, iye sanamalize. Anayamba ndi kusiya shuga mu tiyi. Kenako nyama yamafuta. Kenako nsima akumadya theka la mtanda, mpaka anaisiyiratu. Chilichonse chinali ndi chifukwa chomveka bwino, mwina thanzi, mwina pemphero, ndipo anthu ankamuyamikira kuti mwana uyu ndi wauzimu.

Tamverani zimene mayi ake anayamba kuona. Madzulo aliwonse yankho linali limodzi: “Ndadya kale kusukulu.” Ankakonda kuphikira banja lonse, kukazinga mandasi, kugawira aliyense, iye osalawa. Akakhala patebulo ankaduladula chakudya tizidutswa n'kumangotisuntha m'mbale. Ankavala majuzi awiri m'nyumba motentha, manja ali zii. Usiku kuchipinda kwake kunkamveka kudumphadumpha, akuchita masewera olimbitsa thupi anthu atagona. Mwana wansangala uja anasanduka wa mkwiyo wapafupi, tsitsi likutsalira m'chipeso, ndipo msambo unaima miyezi itatu. Mu Januwale ankalemera makilogalamu 52. Pofika Meyi anali pa 43.

Musadikire kuti muone mafupa, abale anga. Mwana wa msinkhu umenewu akukula, ndiye sikelo ikangoima malo amodzi chaka chonse pamene iye akutalika, pali kale funso. Mwana wathupi amene watsika mofulumira ali pangozi yomweyo ngakhale akuonekabe bwino. Anyamatanso zimawagwira, ndipo iwo nthawi zambiri zimabisala m'nkhani ya masewera ndi minofu.

Anapita naye kwa dokotala, ndipo apa ndi poyambira pa aliyense. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri: chifuwa chachikulu, shuga, kachilombo koyambitsa edzi, njoka za m'mimba, ngakhale kusowa kwenikweni kwa chakudya pakhomo. Zimenezo ziyambe zayezedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wodwala matenda enawo amafuna thupi lake libwerere, pamene mwana uyu ankaopa kunenepa ngati moto. Dokotala anatchula dzina la matendawo: anorekisiya. Mtima wake unkagunda ka 54 pa mphindi, ndipo anawauza kuti ukatsika pansi pa 50 masana, kapena mwana akakomoka, ndiye kuti agonekedwa m'chipatala. Anawachenjezanso kuti thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likayamba kulandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wina wa m'magazi wotchedwa fosifeti umatha kutsika n'kusokoneza mtima. N'chifukwa chake masabata oyambirira ankamuyeza magazi pafupipafupi. Zimene ndifotokoze m'munsimu musaziyambe nokha popanda dokotala.

Chithandizo chimene analandira ndi chodzera m'banja. Njira imeneyi inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London m'zaka za m'ma 1980. Banja limakumana ndi mlangizi maulendo pafupifupi 20, kwa miyezi 6 mpaka 12, m'magawo atatu. Bambo a mwanayo anapita kumsonkhano woyamba atakonzeka kuimbidwa mlandu, poti amagwira ntchito usiku ndipo sapezeka pakhomo kawirikawiri. Koma mlangizi sanafufuze wolakwa. Anawauza kuti makolo sindiwo oyambitsa matendawa, ndipo ndi iwo amene ali ndi mpata waukulu womuchiritsa, chifukwa mlangizi amamuona ola limodzi pa sabata pamene kholo lili naye pa chakudya chilichonse.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangokhala naye pansi n'kumulangiza mpaka amvetse? Mu 1944 ndi 1945, ku Minnesota m'dziko la America, wasayansi Ancel Keys anatenga amuna athanzi 36 amene anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya ndi theka kwa miyezi 6. Amuna aja anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, ena kusonkhanitsa mabuku a zophikaphika, kudya pang'onopang'ono modabwitsa, kukwiya msanga, kudzipatula. Mwaona kufanana kwake ndi mwana uja? Zambiri zimene timaziyesa khalidwe loipa ndi ntchito ya njala mu ubongo. Ubongo wanjala sumva malangizo, umayamba wadya kenako n'kuganiza bwino. Mwana wa malungo akakana mankhwala simudikira kuti afune yekha. Apa chakudya ndiye mankhwala, ndipo pa gawo loyamba makolo ndiwo amatenga udindo wonse wa kadyedwe.

Ulendo wachiwiri anauzidwa kubweretsa chakudya kuchipatala konko. Mayi ananyamula nsima, nkhuku ndi masamba otendera, banja lonse n'kudya mlangizi akuonerera. Mwana atanena kuti wakhuta, mlangizi anathandiza makolo kukhala mbali iyi ndi iyi, kulankhula mawu amodzi, mpaka adye mbamu imodzi yoposa pamene iye anafuna kulekera. Mbamu imodzi yokha. Mayi anandiuza kuti inatenga mphindi 40, koma tsiku limenelo anadziwa kuti n'zotheka.

Kunyumba dongosolo linali lotere. Chakudya katatu pa tsiku, ndi zoonjezera katatu pakati pake. Makolo ndiwo asankhe, aphike, agawe, ndipo mwana asalowe m'khitchini. Phala la m'mawa linkathiridwa chiponde ndi mkaka wosachotsa mafuta. Nthawi ya nkhomaliro mayi ankapita kusukulu, n'kumadya naye m'galimoto. Masewera onse anaimitsidwa. Akatha kudya wina ankakhala naye pafupifupi ola, kuti asapite kukasanza kapena kukadumpha kuchipinda. Bambo anapempha kuntchito kuti awasinthire nthawi, ndalama zinachepa pakhomo, koma anatero.

Tsiku lina anandiitana kuti ndikangokhala nawo. Okondedwa, mgonero umenewo unatha maola awiri. Mwana analira, anakankha mbale, anauza bambo ake kuti, “Mumandida, mukufuna ndioneke ngati nkhumba.” Bambo aja ndi munthu waukali mwachibadwa, ndimawadziwa. Koma anangobweza mbale patsogolo pake n'kunena motsitsa mawu, “Ndikudziwa ukuopa, mwanangu. Ndili pompano. Tenga mbamu ina.” Anabwereza mawu omwewo mwina ka 30. Nsima itazizira mayi anatenthetsa ina. Sanakambirane za mafuta, sanatsutsane naye za thupi lake, sanamuopseze ndi lamba. Mbale inatha.

Chimene chinawathandiza kupirira ndi chimene mlangizi anawaphunzitsa, kusiyanitsa mwana ndi matenda. Wotukwanayo si mwana wanu, ndi matenda akulankhula, ndiye mulimbane ndi matendawo uku mukumukonda mwanayo. Apa abusa anzanga mundimve bwino. Kusiyanitsa kumeneku sikutanthauza kumuuza mwana kuti ali ndi chiwanda. Mwana ameneyu amadzida kale, mukamuimika pakati pa mpingo n'kumamukuwira mwangomuwonjezera manyazi, ndipo mukamulamula kusala kuti amasulidwe mwapatsa matenda chimene akufuna. Ife tinapemphera, ndipo tinapemphera kwambiri, koma mwana akudya. Ambuye Yesu ataukitsa mwana wa Yairo, wa zaka 12, analamula kuti amupatse chakudya. Mumpingo mwathu tsopano wosakwana zaka 18 sadumpha chakudya m'dzina la kusala. Asale foni ngati akufuna.

Pali zinthu zimene zimabwezera ntchitoyi m'mbuyo. Choyamba ndi kunenerera ngati pamsika: “Chabwino, idya theka lokha.” Mawa theka lija limakhala muyezo watsopano. China ndi makolo kugawanika, bambo akuti amalize, mayi akumva chisoni n'kuchotsa mbale. Matendawa amadziwa khomo lofewa. Mwana akamadandaula kuti m'mimba mwadzaza ndipo mukupweteka sakunama ayi, mimba imene yazolowera zochepa imagaya pang'onopang'ono, koma zimenezo zimatha ndi kudya komweko. Yang'ananinso m'manja mwa juzi ndi m'matumba, poti chakudya chimabisidwa, ndipo ena amamwa madzi ambiri asanakwere sikelo. Koma chimene chinawapweteka kwambiri chinachokera kwa ife eni. Lamulungu lina mayi wina wachikondi anamukumbatira n'kuti, “Eee wanenepatu, ukuoneka bwino!” Kwathu amenewo ndi mawu oyamikira. Mwana anakana chakudya masiku awiri. Chonde, za thupi la mwana wotere musanenepo kanthu, chabwino kapena choipa. Muuzeni kuti mwakondwa kumuona, basi.

Mlongo wake wamwamuna wa zaka 11 anauzidwa kuti iye si wapolisi wa patebulo. Ntchito yake inali kusewera naye bawo akatha kudya, nthawi imene mantha amakhala aakulu.

Sikelo ndiyo inkanena ngati zikuyenda. Ankamuyeza kuchipatala sabata iliyonse, cholinga chili theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Akatswiri a njirayi amati mwana akawonjezera pafupifupi makilogalamu 2 m'mwezi woyamba, chimakhala chizindikiro chabwino. Iye anachoka pa 43 kufika pa 45 ndi theka. Mwezi ukatha sikelo isanasunthe, musangolimbikira mwakachetechete, kauzeni achipatala kuti asinthe kachitidwe.

Atafika pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a kulemera koyenera msinkhu wake, ndipo nkhondo ya patebulo itachepa, analowa gawo lachiwiri, lomubwezera udindo pang'onopang'ono. Anayamba kudzigawira yekha mayi akuona, kenako kudya nkhomaliro ndi anzake kusukulu. Sabata ina anatsika kilogalamu imodzi, makolo anatenganso chikombe kwa masabata awiri, n'kuyesanso. Msambo unabwerera mwezi wa 7. Gawo lachitatu linali lalifupi, lokamba za moyo wa mtsikana aliyense: anzake, mayeso, malire a pakhomo.

Njirayi sichiritsa aliyense. Ana ena amafunika kugonekedwa kaye, ena amafuna uphungu wa paokha, ndipo pakhomo pamene pali nkhanza achipatala ayenera kudziwa zimenezo poyamba. Mwana akanena zofuna kudzipha, mupite naye tsiku lomwelo. Inu a kumudzi ku Malawi, akatswiri a njira imeneyi simuwapeza paliponse, koma pitani pachipatala cha boma ndi buku lake la kuchipatala muonetse mmene sikelo yatsikira, mupemphe kuti amuyeze kugunda kwa mtima ndi magazi, ndiponso kuti muonane ndi a zamaganizo ndi a zakadyedwe.

Mtsikana uja tsopano ali ndi zaka 16 ndipo anabwerera ku kwaya. Makolo ake amakhalabe tcheru nthawi ziwiri pa chaka, ya mayeso ndi ya kusala kwa mpingo, ndipo mgonero amadyabe onse patebulo limodzi.