Phale Linkatidikira, Chiwaya Sichidikira

Kale mphika wadothi ukasweka sunkatayidwa. Amayi ankasankha chidutswa chachikulu, chija cha kutsinde, nkuchisunga pafupi ndi mafuwa. Limenelo ndilo linali phale, ndipo ntchito yake inali kukazingira chimanga ndi mtedza. Mwezi wa Juni, mtedza utakumbidwa nkuuma bwino, kunja kukuzizira, phale linkakwera pamoto madzulo ana atazungulira, wina akusenda, wina akusonkhezera moto, wina akungomeza malovu. Mwana wa zaka khumi ankatha kukazinga mtedza osapsereza. Lero munthu wamkulu, wokhala ndi chitofu chamagetsi, amatulutsa mtedza wakuda kunja, mkati muli mwauwisi, nkumadabwa kuti walakwitsa pati.

Ine ndimati luso lalikulu linali m'phalemo. Dothi ndi lochindikala, limachedwa kutentha, ndipo likatentha limagawa moto mofanana paliponse. Ukacheuka kuti uyankhe moni wa mlendo, mtedza unkakudikira. Chiwaya chachitsulo kapena felempani yopyapyala ya masiku ano imalandira moto nthawi yomweyo nkuupereka pamalo amodzi okhawo amene njere yakhudza chitsulo. Nchifukwa chake mtedza umatuluka ndi timadontho takuda mbali imodzi. Wogulitsa mtedza amene amathira mchenga wosefa m'chiwaya chake akubwezeretsa chimene phale linkachita: mchenga umazinga njere iliyonse nkuitenthetsa mbali zonse. Kunyumba, ngati mchenga mulibe, sankhani chiwiya cholemera koposa zonse zimene muli nazo.

Moto nawonso wasintha. Agogo sankakazinga pa malawi. Ankadikira nsima iphulidwe, nkhuni zisanduke makala, ndiye nkuikapo phale. Ife timakoleza mbaula, makala ali ngwee, nkuikapo chiwaya pompo chifukwa tili pachangu. Mbaula yabwino kukazingira mtedza ndi imene makala ake ayamba kuvala phulusa. Pachitofu, moto ukhale wapakati kapena wocheperapo.

Tiyerekeze kuti muli ndi makapu awiri a mtedza wosenda. Yambani mwausankha palichero. Chotsani wonyala, wofumbwa, wosweka ndi wachuku. Apa pasakhale kuumira, chifukwa poizoni amene chuku chimasiya mu mtedza satha ndi moto wokazingira, ndipo amawononga chiwindi. Onaninso kukula kwa njere. Kale m'midzi ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa nkhokwe zinkadzaza Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, ndipo zokazinga zonse zinkachokera m'munda umodzi. Kuyambira pamene CG7 anatulutsidwa mu 1990, kenako kunabwera mitundu ina monga Nsinjiro ndi Kakoma, mtedza wa pamsika umapezeka wosakanikirana. Njere zazing'ono ngati za Kakoma zimapsa msanga, ndiye mukazisakaniza ndi zazikulu zimapserera zinzake zisanafike. Zipatuleni, mukazinge paderapadera.

Chiwaya chikafunda, thirani mtedza woti ungophimba pansi, osaunjikana, ndipo mafuta musathire chifukwa mtedza uli ndi ake ambiri. Takasani ndi mthiko mosalekeza, mukukokera wa m'mphepete pakati ndi wa pakati m'mphepete. Poyamba simumva kanthu, mtedza ukungotulutsa chinyezi. Pakapita mphindi ngati khumi muyamba kumva kuthetheka, tikhungu tofiira tija tikung'aluka. Ambiri amaphula pamenepa, ena amawonjezera moto. Onse awiri alakwa. Kuthetheka kukungonena kuti kunja kwauma, mkati simunapse. Chepetsani moto, pitirizani kutakasa. Ntchito yonse imatenga mphindi 15 mpaka 20, malinga ndi moto ndi kuuma kwa mtedzawo.

Mchere wake unkathiridwa mwanzeru. Wouma sumamatira pa mtedza, ndiye amayi ankausungunula m'timadzi pang'ono nkuwaza mtedza utatsala pang'ono kupsa. Phale linkalira kuti tswaa, nthunzi nkukwera, iwo nkumatakasabe mpaka njere ziume nkuyera mbuu. Pa makapu awiri aja, supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'masupuni aakulu awiri a madzi yakwana. Mukachulutsa madzi mtedza umabwerera kufewa.

Tsono wapsa liti? Khungu la pamwamba lisakunamizeni, makamaka la CG7 lomwe ndi lofiira kale. Tapani njere ziwiri kapena zitatu, muziuzire, muzifikise pakati pa zala. Khungu likachoka losavuta, muswe njereyo pakati muone mkati. Ngati muli moyera, sunapse. Mukakhala mofiirira pang'ono, ngati tiyi wothira mkaka wambiri, phulani. Mukafika poderapo, mwachedwa, ndipo udzawawa. Mphuno nayo imathandiza: fungo la uwisi, lija longa la nyemba, limatha, nkubwera kununkhira kumene kumaitana anthu a nyumba yoyandikana. Fungo likayamba kulasa m'mphuno, kapena mukaona kautsi, ena apserera kale.

Chimene chimanyenga anthu ambiri ndi dzino. Mtedza wotentha umakhala wofewa ngakhale utapsa bwino, umalimba ukazizira. Munthu amalawa ali pamoto, namva kuti sukukukutika, nawonjezera mphindi zisanu, ndipo mphindi zimenezo ndizo zimauwononga. Komanso mtedza ukaphulidwa supumira pomwepo, umapitiriza kupsa ndi moto umene wasunga m'mafuta ake. Amayi ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake ankakhuthulira mtedza palichero nthawi yomweyo nkuumwaza kuti upitidwe mphepo. Ana tinkaona ngati akutizunza potidikiritsa. Ukausiya m'chiwaya chotentha, kapena kuuunjika m'mbale yakuya, wa pansi umada ngakhale moto utazima. Choncho phulani usanafike mtundu umene mukufuna, ndipo polawa dikirani njere izizire kaye.

Uvuni uli ndi ubwino wake, sindingaukane. Moto wake umazinga mbali zonse, ndipo ungakazinge theka la kilogalamu osatopa mkono. Koma umakulanda khutu ndi diso, chifukwa zonse zimachitika kuseri kwa chitseko. Utenthetseni kaye ufike madigiri 175. Yalani mtedza pathireyi osasanjikizana, muike pakati pa uvuni, osati pansi pafupi ndi moto. Mphindi zisanu zilizonse tulutsani mutakase, pakuti wa m'makona ndi wa kumbuyo umapsa msanga. Zikakwana mphindi 12 yambani kuswa njere nkumaona mkati, ndipo nthawi zambiri umapsa pakati pa mphindi 15 ndi 20. Ngati mukufuna wamchere, uwazeni madzi a mchere musanaulowetse, ngakhale utero umachedwerapo pang'ono. Wamakoko umafuna mphindi 20 mpaka 25, ndipo poyesa mumaswa khoko limodzi nkuona njere monga kale. Nambala za pa uvuni musazikhulupirire kotheratu, mauvuni ambiri amatentha mopitirira kapena mochepera pa zimene alemba. Wotchi ingokukumbutsani nthawi yoyang'ana.

Wa chiponde mungausiye udereko pang'ono, chifukwa ukapsa kwambiri umatulutsa mafuta msanga mumtondo ndipo fungo limakula. Wongotafuna uphulidwe msanga.

Chimene ndimachisowa kwambiri nchakuti kale mtedza unkakazingidwa woti udyedwe usiku womwewo, aliyense kachikhatho kake, ndipo nkhani yosunga panalibe. Lero timakazinga wambiri woti ana azitengera kusukulu sabata yonse, ndiye timauthira m'botolo kapena m'kapepala kapulasitiki. Mukautsekera ukadali wofunda umachita thukuta, m'mawa nkuupeza wafewa. Udikireni uzizire mpaka pakati pa mulu, ndiye mutseke botololo zolimba.